Mawu Ali M'ndime Momwemo, Nanga Mwana Walakwa Pati?

Tsiku lina chakumapeto kwa teremu yachiwiri, bambo wina anafika pa sukulu pamene ndimaphunzitsa atanyamula pepala la mwana wake m'thumba la jekete. Anali munthu waulemu, wodziwa kuwerenga bwino lomwe, ndipo sanabwere kudzachita phokoso. Titapatsana moni anatambasula pepalalo pa tebulo, naloza chala pa funso lachitatu pamene ine ndinali nditathetha ndi cholembera chofiira, nati: "Aphunzitsi, ndithandizeni. Mawu amene mwana wangayu walemba ali m'ndime momwemo. Sanawonjezepo, sanachotsepo. Nanga ngati zolembedwa ndi inu eni ake zili zolakwa, cholondola n'chiti?"

Funso la bamboyu si lachibwana ayi, ndipo makolo ambiri ali nalo mumtima ngakhale safika nalo ku sukulu. Mnyamatayo ali mu Folomu 4, mayeso a MSCE akumudikira, ndipo chizolowezi chimene chinamutayitsa malikisi 4 pa kantchito ka m'kalasi chingathe kumutayitsa ambiri pa tsiku limene palibe mwayi wobwereza. Maganizo anga ndi akuti kuthethako kunali koyenera, koma kuti bamboyo anali ndi chifukwa chodandaulira. Kuti timvane, ndiyenera kuyamba ndakuonetsani ndimeyo, pakuti mlandu wotere sitingauweruze osaona chimene chinalembedwa.

Ndime imene ndinawalembera ophunzira pa bolodi inali iyi:

"Mvula itakata, mlimi uja anakolola matumba 12 a chimanga. Nkhokwe yake inali itagwa ndi mphepo ya mu Januwale, ndipo nsungwi zolukira ina anali asanadule. Mwana wake wamkazi anali atabwezedwa ku sukulu yogonera komweko, ndipo kalata yokumbutsa za ngongole ya teremu yatha inali itagona masabata awiri pansi pa mphasa. Ogula atafika ndi sikelo yawo pabwalo, mkazi wake anangomuyang'ana, osanena kanthu. Iye anagulitsa matumba 8 pa mtengo wotsika, nakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, nsima osaikhudza."

Funso lachitatu linati: Fotokozani zifukwa ziwiri zimene zinachititsa mlimi kugulitsa chimanga chake pa mtengo wotsika. Malikisi ake anali 4, awiri pa chifukwa chilichonse. Mnyamata uja anayankha motere: "Ogula atafika ndi sikelo yawo pabwalo, mkazi wake anangomuyang'ana, osanena kanthu. Iye anagulitsa matumba 8 pa mtengo wotsika, nakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa." Analemba mwaukhondo, zilembo zoongoka, mpumiro ndi mpatuliro zonse zili m'malo mwake. Bodza munalibe m'yankhomo, koma chifukwa munalibenso ngakhale chimodzi.

Tiyeni tiyese yankholi ndi muyeso umene mwana aliyense angathe kuugwiritsa ntchito yekha, popanda mphunzitsi. Funso lofuna chifukwa lili ndi khomo limodzi lolowera, ndilo mawu akuti "chifukwa". Titenge mutu wa funsolo, tiike mawu amenewa, kenaka tilumikize ndi yankho la mnyamatayo, timve m'mene zikumvekera: mlimi anagulitsa chimanga pa mtengo wotsika chifukwa anagulitsa matumba 8 pa mtengo wotsika. Apa khutu lokha likukana. Mwanayo wangobweza funso kwa mwini wake litavala malaya ena. Chimene anafunsidwa kuti achifotokoze ndicho chimene wachipereka monga kufotokoza kwake.

Zoterezi sitizilola ngakhale pa bwalo la milandu kumudzi. Mfumu ikafunsa munthu kuti, "Unam'menyeranji mnzako?" iye n'kuyankha kuti, "Ndinam'menya pafupi ndi chitsime dzuwa likulowa, anthu akuona," palibe nduna imene ingati wayankha. Zonse wanenazo zingakhale zoona, mboni zingavomereze, koma mfumu inafunsa chifukwa, ndipo iye wapereka malo ndi nthawi. Anthu adzang'ung'udza kuti akuzemba funso. Mnyamata wathu sanali kuzemba dala ayi, koma pa pepala kuzemba kwadala ndi kusamvetsa zimaoneka chimodzimodzi, ndipo wochonga saona mtima wa mwana, amaona zolembedwa basi.

Kodi mwana wanzeru zake amafika bwanji pa cholakwa chotere? Njira yake ndimaidziwa, pakuti ndaiona chaka ndi chaka. Iye sayamba ndi kuwerenga ndime kuti aimve. Amayamba ndi funso, n'kutolamo mawu awiri kapena atatu ooneka aakulu, monga "kugulitsa" ndi "mtengo wotsika". Kenaka amayendetsa chala m'ndimemo kufunafuna pamene pali mawu omwewo, ndipo akawapeza amakopera chiganizo chonsecho, mwina pamodzi ndi chapafupi nacho kuti yankho lioneke lonenepa. Mawu aang'ono amene anyamula funso lenilenilo, akuti "zifukwa", "ziwiri" ndi "fotokozani", iye sawaona n'komwe. Tsono vuto ndi ili: pa funso lofuna chifukwa, chiganizo chokhala ndi mawu ofanana ndi a m'funso kawirikawiri chimakhala chonena za chochitikacho, pamene chifukwa chake chili kwina, m'mwamba kapena m'munsi, chitanenedwa ndi mawu ena. M'ndime yathuyi zifukwa zili m'chiganizo chachiwiri ndi chachitatu, ndipo m'menemo mulibe mawu akuti kugulitsa ngakhale akuti mtengo. Njira ya chala siingafike kumeneko.

Bambo uja sanagonje msanga, ndipo ndinamulemekeza pa ichi. Anatembenuza pepala nati: "Chabwino, aphunzitsi. Nanga funso loyambali? Apanso wakopera chiganizo chonse, koma mwamupatsa malikisi. Kukopera kukhala kwabwino pamwamba, n'kuipa pamunsi, pa pepala limodzi lomweli?" Zinalidi choncho. Funso loyamba linali lakuti mlimi anakolola matumba angati, ndipo mnyamatayo analemba kuti, "Mvula itakata, mlimi uja anakolola matumba 12 a chimanga." Ndinamupatsa malikisi ake amodzi.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mwana sanalangidwe kaamba ka kukopera, ngati kuti kutenga mawu m'ndime ndi kuba. Analephera chifukwa mafunso a kumvetsa nkhani sali a mtundu umodzi, ndipo iye anawayankha onse ngati a mtundu umodzi. Akatswiri awiri a za kuwerenga a ku America, David Pearson ndi Dale Johnson, m'buku lawo la mu 1978 anagawa mafunso otere m'magulu atatu potsata kumene yankho limachokera. Pali funso limene yankho lake lanenedwa poyera m'ndime. Pali lina limene yankho lake lili m'ndime ndithu, koma owerenga ayenera kulumikiza yekha mfundo zimene wolemba sanazilumikize. Ndiye pali lachitatu limene limafuna kuti owerenga abweretse zimene akudziwa kale za moyo. Funso la matumba 12 ndi la gulu loyamba; yankho lili poyera, ndipo ngakhale ulikopere ndi makoko ake omwe, wochonga alipeza mosakayika. Funso la zifukwa ndi la gulu lachiwiri. Wolemba ndime sananene paliponse kuti "anagulitsa chifukwa chakuti". Anangoika nkhokwe yakugwa apa, kalata ya ngongole apo, ogula ndi sikelo pambuyo pake, n'kusiyira owerenga ntchito yomanga chingwe pakati pa zinthuzi. Malikisi 4 aja anali malipiro a ntchito yomangayo, ndipo mwana amene sanamange alibe cholandira.

Ngakhale funso lachiwiri, looneka lopepuka, linamugwetsa mnyamatayo pa chifukwa chomwechi. Linati: Kodi mlimi anatsala ndi matumba angati? Nambala ya 4 simupezeka paliponse m'ndimemo. Iyenera kutuluka pochotsa 8 pa 12, masamu amene mwana wa Sitandade 2 amawatha. Mnyamata wa Folomu 4, amene m'kalasi la masamu amachita zovuta kuposa izi kutalitali, analemba 8, pakuti ndiyo nambala imene chala chinaipeza pafupi ndi mawu akuti matumba chakumapeto kwa ndime. Si kuti sadziwa kuchotsa. Ankakhulupirira kuti yankho lililonse liyenera kukhala litalembedwa kale penapake, ndipo kuti ntchito yake ndi kulitola.

Ena amati: komabe mwana amene wakopera waonetsa kuti wawerenga. Ine ndikukana, ndipo umboni wake ndimaupereka kwa ophunzira anga m'sabata yoyamba ya chaka. Ndimalemba pa bolodi chiganizo cha mawu opeka, opanda tanthauzo m'chiyankhulo chilichonse chimene ndikuchidziwa, monga ichi: "Gwelenje anazofula mitendwa itatu pa chikwaza dzana." Kenaka ndimafunsa: Anazofula mitendwa ndani? Kalasi lonse limayankha kuti Gwelenje. Anazofula ingati? Itatu. Anazofulira pati? Pa chikwaza. Onse amakhoza mafunso atatu mwa atatu, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kuzofula n'kutani, kapena ngati mitendwa imadyedwa. Malamulo a chiyankhulo okha ndiwo awanyamula: mwininkhani amakhala patsogolo pa mneni, chowerengera chimatsata dzina, "pa" amaloza malo. Koma ndikafunsa kuti, kodi Gwelenje anachita bwino kuzofula mitendwayo, kalasi limati zii, kenaka kuseka. Pamenepo amaona okha kuti munthu angathe kutola mawu olondola m'chiganizo chimene sanachimve n'pang'ono pomwe. Ngati mayeso a kumvetsa nkhani akanalipira kutola kokha, bwenzi akuyesa maso, osati kumvetsa.

Tsopano tifike pa mlandu wovuta, umene aphunzitsi enieni amasiyana nawo maganizo m'chipinda chawo pa nthawi ya tiyi. M'kalasi lomwelo munali mtsikana amene anakoperanso, koma iye anakopera malo oyenera. Pa funso lachitatu analemba kuti: "Nkhokwe yake inali itagwa ndi mphepo ya mu Januwale, ndipo nsungwi zolukira ina anali asanadule." Chifukwa chachiwiri anatenga chiganizo cha kalata ya ngongole, chonse monga chilili. Kodi ameneyu timuchitenji? Kumuthetha monga mnyamata uja kungakhale kupanda chilungamo, pakuti iye sanatsate chala. Kuti afike pa ziganizo ziwirizo, m'mene mulibe mawu ofanana ndi a m'funso, anayenera kuganiza. Koma kumupatsa malikisi onse kungakhalenso kunamiza mwana. Ndinamupatsa 2 pa 4, amodzi pa chifukwa chilichonse.

Chifukwa changa ndi ichi. Chiganizo chakuti nkhokwe inagwa chikunena za nkhokwe. Sichikunena za kugulitsa. Pakati pa nkhokwe yakugwa ndi mtengo wotsika pali masitepe awiri amene mtsikanayo sanawalembe: mlimi analibe posungira chimanga chake, motero sakanatha kudikira miyezi ya njala pamene mtengo umakwera. Chimodzimodzinso kalata ya pansi pa mphasa: yokha ndi pepala chabe, koma tanthauzo lake n'lakuti ndalama zinkafunika msanga kuti mwana abwerere ku sukulu, ndipo munthu wofuna ndalama lero alibe mphamvu yokana mtengo wa wogula. Mwina mtsikanayo anali nazo zonsezi m'mutu. Ndikukhulupirira kuti anali nazo, pakuti ndi mwana wa kumudzi amene waona ogula ndi sikelo zawo pa nthawi yokolola. Koma ndikamupatsa malikisi onse, ndiye kuti ine wochonga ndamalizitsa ganizo lake m'mutu mwanga, n'kudzilipira ndekha m'dzina lake. Funso linati "fotokozani", ndipo kufotokoza ndi ntchito ya woyankha.

Yankho la malikisi onse silifuna Chichewa chapamwamba kapena mawu ambiri. Mwana wina, amene zilembo zake zimandipweteka maso, analemba mizere iwiri yokha: "Analibe posunga chimanga popeza nkhokwe inagwa. Ankafuna ndalama mwachangu zolipirira ngongole ya mwana wake ku sukulu." Anatenga 4 pa 4. Taonani kuti nayenso anagwiritsa ntchito mawu a m'ndime, akuti nkhokwe, ngongole ndi sukulu. Palibe amene amafuna kuti mwana asake dzina lina la nkhokwe pofuna kuoneka kuti sanakopere. Kuyankha m'mawu akoako sikutanthauza kusintha liwu lililonse. Kumatanthauza kuti chiganizocho uchimange wekha, chiyang'ane kumene funso layang'ana. Mawu amene mwanayu anawonjezera ndi ochepa, "analibe posunga" ndi "ankafuna ndalama mwachangu", koma ndi omwewo amene mulibe m'ndime, ndipo ndi omwewo amene akusonyeza kuti wamva.

Palinso kukopera kwina kumene ndimakutcha kwa khoka. Mwana akakayika, amakopera ndime yonse kuyambira pa mvula kukata mpaka pa nsima yosakhudzidwa, poganiza kuti mwa zonsezo yankho likodwamo. Likodwamodi, koma pamodzi ndi zinyalala. Funso linafuna zifukwa ziwiri, iye wapereka ziganizo zisanu, n'kusiyira wochonga kuti asankhe. Koma kusankhako ndiko kumene kunali kuyesedwa. Mukatuma mwana kuti akakutengereni kasu kuseri kwa nyumba, iye n'kubwera atasenza kasu, nkhwangwa, chikwakwa ndi mpini wothyoka, simunganene kuti amadziwa kasu. Yankho lotere sindilipatsa kanthu, ndipo pa ichi sindikayika monga ndinakayikira pa mtsikana uja.

Kuti tisapitirire muyeso, tinene poyera kuti alipo mafunso amene amafuna kukopera, ndipo pa iwo mwana wosintha mawu ndiye amalakwa. Funso lachisanu pa ntchito yomweyi linati: Lembani mawu a m'ndimeyi osonyeza kuti mkazi wa mlimi anakhala chete. Yankho ndi "osanena kanthu", ndipo mnyamata wathu anakhoza, natenga malikisi ake awiri. Funso lachinayi linafuna zonse ziwiri: kuti mlimi anamva bwanji mumtima atagulitsa, ndiponso umboni wake. Mnyamatayo anakopera za kukhala pakhonde ndi nsima yosakhudzidwa, umene ndi umboni wabwino zedi, koma sanatchule chimene umboniwo ukuchitira umboni, kuti munthuyo anali ndi chisoni kapena nkhawa. Anatenga amodzi pa awiri. Mawu a m'ndime ali ngati mboni pa mlandu: amathandiza amene wanena kale mfundo yake, koma mboni siingaime m'malo mwa mwini mlandu. Zonse pamodzi mnyamatayo anapeza 4 pa 10, ndipo malikisi onse anayiwo anachokera pamene kukopera kunali kololedwa kapena kofunidwa.

Mpaka pano ndaikira kumbuyo cholembera chofiira. Tsopano ndinene za mbali imene bambo uja anali ndi choonadi, ngakhale iye sanainene motere. Pa pepala la mwana wake ndinangothetha, osalembapo liwu ndi limodzi lomwe. Mnyamata analandira pepalalo, nayang'ana m'ndime, napeza mawu ake ali momwemo, naganiza kuti aphunzitsi alakwitsa kapena amamuda. Akanaphunzirapo chiyani pamenepo? Ndikudziwa chowiringula chathu ife aphunzitsi, ndipo si chabodza: makope ndi ambiri, usiku ndi waufupi. Koma mawu asanu okha akuti "wanena chimene chinachitika, osati chifukwa" akanatenga kamphindi, ndipo akanapulumutsa bamboyo ulendo wa pa njinga. Kuthetha kosafotokoza n'kofanana ndi yankho la mnyamatayo: n'koona, koma sikuyankha funso limene mwana ali nalo.

Ndipo chizolowezi cha chala sanabadwe nacho. Tinamuphunzitsa ndife. Kwa zaka zambiri mwana amakumana ndi mafunso a gulu loyamba okhaokha, a ndani, kuti, liti ndi zingati, pakuti ndiwo osavuta kufunsa ndiponso osavuta kuchonga pamene kalasi ladzaza. Amakopera, amakhoza, amaomberedwa m'manja. M'maphunziro ena timamulembera manotsi pa bolodi, ndipo pa mayeso timakondwa akatibwezera mawu athu omwe osasintha. Ndiye tsiku lina, popanda chenjezo, njira imene yamudyetsa zaka khumi tikuitcha yolakwa. Mwana ali ndi ufulu wodabwa. Vutoli limakula m'phunziro la Chingerezi, m'mene mwana amaopa kumanga chiganizo chake kuti angaphwanye chiyankhulo, motero amabisala kumbuyo kwa mawu a wolemba amene akudziwa kuti ndi olongosoka. Kumeneko ndaonapo mwana akufunsidwa za wolemba nkhani, iye n'kukopera chiganizo choyamba ndi mlowam'malo wakuti "ine", ngati kuti ndiye anali pa ulendowo. Koma ndime yathuyi inali ya m'Chichewa, chiyankhulo chimene mnyamatayo amalota nacho, ndipo ichi chikusonyeza kuti muzu wa vuto si kusowa mawu, koma kusadziwa chimene funso likupempha.

Tiyeneranso kuvomera kuti nthawi zina wolakwa ndi wofunsa. Ndikanalemba kuti, "Kodi ndime ikuti chiyani za kugulitsa chimanga?" yankho la mnyamata uja likanakhala lokhoza, ndipo kulithetha kukanakhala kumulanga chifukwa chosalota zimene zinali m'mutu mwanga. Mphunzitsi asanathethe yankho la mwana ayenera kuwerenganso funso lake, aone ngati linanenadi chimene iye ankafuna. Kholo limene labwera ndi pepala lili ndi ufulu wofunsa zimenezi, ndipo mphunzitsi wokwiya ndi funso lotere akudziika pamwamba pa ntchito yake. Pa tsikulo ine ndi bambo uja tinawerenga funso lachitatu limodzi, mawu ndi mawu, ndipo tinapeza kuti linali lomveka.

Chimene sindikanachita, ngakhale anandipempha mwaulemu, ndicho kumuwonjezera mnyamatayo malikisi amodzi omulimbitsa mtima. Mayeso a MSCE amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa mu 1987, ndipo amene adzachonga pepala la mnyamatayu ndi munthu wosamudziwa, wotsata ndondomeko ya mayankho imene ochonga onse agwirizana. Sadzadziwa kuti ndi mwana wakhama, wofika m'mamawa, wosesa m'kalasi osatumidwa. Malikisi achifundo amene ndingamupatse lero angamuuze kuti njira ya chala ikadali ndi phindu pang'ono, ndipo iye angapite nayo mpaka m'chipinda cha mayeso. Kuli bwino akhumudwe tsopano, pamene ine ndilipo kuti ndimufotokozere.

Tinamuitana mnyamatayo. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, poganiza kuti pali mlandu. Ndinatenga pepala, ndinalitembenuza chafufumimba kuti asaone ndime, ndipo ndinapempha bambo ake kuti amufunse pakamwa, monga angamufunsire kunyumba. Bamboyo anakonza pakhosi nati: "Iwe, mlimi uja anagulitsiranji chimanga motchipa chonchija?" Mnyamata sanachedwe n'komwe. "Bambo, akanachiika pati, nkhokwe itagwa? Komanso mwana anali pakhomo, ndalama za sukulu zikufunika." Bamboyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mwanayo, ndipo ndinamufunsa chifukwa chimene sanalembere zimenezo. Anayankha motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, zimenezo m'ndime mulibe. Ndimaopa kuti mudzati ndapeka."

Yankho limenelo landikhala m'mutu kuposa china chilichonse cha tsikulo. Mwanayo anamva nkhani yonse pa kuwerenga koyamba. Anali ndi malikisi 4 pa lilime, nawasiya dala, nasankha kukopera chifukwa ankaona kuti ndiyo njira yotetezeka. Penapake m'zaka zake za sukulu anaphunzira kuti ganizo lake ndi loopsa, la wolemba ndi labwino. Mantha akewo si opanda maziko, pakuti malire alipodi: akanalemba kuti mlimi anagulitsa chifukwa ankafuna kugula njinga, kumeneko kukanakhala kupeka, popeza m'ndime mulibe kanthu kochirikiza njinga. Kusiyana kwa kupeka ndi kulumikiza n'kwakuti wolumikiza angathe kuloza chiganizo chimene ganizo lake laimapo. "Analibe posunga" laima pa nkhokwe yakugwa. Njinga siinaime pa kanthu. Ichi ndinali ndisanawauzepo ophunzira anga momveka chotere, ndipo ndikuvomera.

Kuyambira sabata yotsatira ndinasintha kachitidwe kathu m'kalasi. Tisanayankhe funso lililonse, mwana amayamba walemba mzere kunsi kwa mawu ofunsira, nanena mokweza chimene akupempha: munthu, nthawi, nambala, chifukwa, maganizo, kapena mawu enieni a m'ndime. Akapeza malo m'ndime, amaphimba ndimeyo ndi dzanja, nayankha pakamwa kwa mnzake wa pa desiki, ndipo chimene wanena pakamwacho ndicho amalemba. Pomaliza amachotsa dzanja, naona ngati angaloze chiganizo chochirikiza yankho lake. Zimadya nthawi, mafunso asanu amene kale tinkatha m'mphindi 15 tsopano amatenga phunziro lonse la mphindi 40, ndipo mnzanga wina wandiuza kale kuti silabasi sidikira munthu. Akunena zoona. Komabe kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndaona kuti mwana akazolowera, dzanja lija safunanso kuliika.

Bambo uja anapinda pepala la mwana wake, nalibwezera m'thumba la jekete, malikisi ali 4 pa 10 monga analili. Ali pa khomo anatembenuka nati madzulo aziyesa kumufunsa mnyamatayo pakamwa nkhani za m'nyuzipepala, pepala litatsekedwa. Kenaka anafunsa ngati mlimi wa m'ndimeyo anakwanitsa kumubwezera mwana wake ku sukulu ndi ndalama za matumba 8 aja. Ndinamuuza kuti ndime siinanene.